Usipa umabwera ndi mphepo, msonkho umabwera ndi tsiku

Akonzi, ndipatseniko mpata ndifotokoze zimene zinandionekera, kuti mwina mnzanga wina wa geni asagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Ntchito yanga ndi usipa. Ndimapikula kwa asodzi m'madooko a kuno, nthawi zina ndimafika mpaka ku Chia kapena chakumpoto ku Ngala, ndimayanika pathandala, wina ndimafutsa, kenako ndimalonga m'matumba ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Kasungu. Ndakhala pageni imeneyi zaka zoposa khumi, ndipo ndi imene yamanga nyumba ya malata imene tikugonamo.

Zaka zonsezo za msonkho ndinkangodziwa chiphaso cha pamsika basi. Zinthu zinasintha pamene sukulu ina yogonera konko inafuna munthu woti aziperekera ndiwo. Anandiuza kuti sangagule kwa munthu amene alibe nambala ya msonkho ndi kalata yosonyeza kuti alibe ngongole ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Ndinapita kukalembetsa ndi mtima wonse, chifukwa msika wa sukulu sudikira kasitomala padzuwa. Kumeneko anandifotokozera kuti a geni zing'onozing'ono, amene malonda awo onse a pachaka sapitirira K12.5 miliyoni, ali ndi msonkho wawo wa mtengo wokhazikika. Ine malonda anga anali atadutsa pamenepo, kotero msonkho wanga umawerengedwa paphindu, ndipo ndiyenera kumaulipiriratu kanayi pachaka. Pafomu, msonkho umenewu amaulemba kuti Provisional Tax. Ine ndimangouti msonkho wolipiriratu.

Lamulo lake n'losavuta kulimva. Chaka changa cha msonkho chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Chimagawidwa m'zigawo zinayi za miyezi itatuitatu, ndipo chigawo chikatha umapatsidwa masiku 25 kuti ulipire. Ndiye kuti masiku ake ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Ndalama yolipira sakuuza ndi iwo ayi, umayerekeza wekha kuti chaka chino phindu likhala lotani. Koma pali chingwe chimodzi: zonse zimene walipira maulendo anayiwo zikaphatikizidwa, zisachepere K90 pa K100 iliyonse ya msonkho weniweni wa chaka chonsecho. Chaka chikatha uli ndi masiku 180 oti upereke lipoti la momwe geni yayendera ndi kumaliza kotsalako.

Ndinamva zonsezi, ndinagwedeza mutu, n'kubwerera kunyumba. Chimene sindinachiganizire n'chakuti masiku anayi aja ndi otalikirana mofanana, pamene ndalama ya m'nyanja siyenda choncho.

Amene sakhala kunyanja amaganiza kuti nsomba ndi ngati madzi a pampopi. Sizili choncho. Kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti kumakhala mwera. Mphepo imeneyi ikalusa, maboti amatha sabata yathunthu ali pamchenga, ndipo msodzi wokakamira ndi amene timamva kuti sanabwerere. Usipa ukapezeka umakhala wochepa, ndipo timaulimbirana ife ogula mpaka mtengo wa chigoba kufika poti phindu palibe. Nyanja ikadekha, m'miyezi yotentha ija, ndiye nthawi yathu: usipa umatuluka, dzuwa limaumitsa tsiku limodzi kapena awiri, matumba amadzaza. Mvula ikakhazikika vuto limakhala lina. Nsomba ilipo, koma dzuwa kulibe, ndipo usipa wonyowa pathandala umasanduka chakudya cha nkhuku. Ngakhale m'mwezi umodzi womwewo muli kukwera ndi kutsika, chifukwa chilimira chimadalira nyali, ndipo mwezi ukawala kumwamba usipa sutsata nyali za asodzi. Choncho munthu ngati ine ndalama yambiri ya chaka chonse ndimaipeza m'miyezi itatu kapena inayi. Miyezi inayo ndi yongogwirizira.

Chaka cha msonkho chimene chinayamba mu Epulo 2023 ndinachita chimene ndinkaona ngati nzeru. Chaka chapambuyo pake msonkho wanga unali pafupifupi K600,000. Ndinati chaka chino sichisiyana kwenikweni, ndipo ndinagawa ndalamayo panayi: K150,000 ulendo uliwonse. Ndinalemba masiku anayi aja pakhoma ndi choko, mtima n'kukhala pansi.

Kugawa mofanana kumeneku kunandipweteka kawiri, koma kupweteka koyamba kokha ndi kumene ndinakumva nthawi yomweyo.

Kuyambira Epulo mpaka Juni phindu langa lonse linali K400,000 yokha. Imeneyi inathera kukhitchini ndi kusukulu ya ana. Tsiku la 25 Julayi linafika mwera uli pakati, m'thumba muli mbee. Chifukwa choopa, ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndikwanitse K150,000 ija, ndipo ndinaibweza ndi chiwongoladzanja. Ndinadandaula kwambiri mwezi umenewo, ndinkati msonkho uwu unapangidwira anthu a m'maofesi amene amalandira mofanana mwezi ndi mwezi.

Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala zinthu zinayamba kusintha, phindu linafika K1,600,000. Ndinalipira K150,000 mu Okutobala osamva kuwawa.

Kenako inabwera miyezi imene sindidzaiwala. Mu Okutobala usipa unatuluka wambiri, ndipo ndinathira mpamba wanga wonse, ndinaumitsa n'kusunga matumba m'chipinda kudikira mitengo ya Disembala. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu inakwera paliponse, ya ndiwo nayonso. Usipa umene ndinaugula pamtengo wakale ndinaugulitsa pamtengo watsopano, kuphatikizapo umene ndinkapereka kusukulu kuja. Miyezi itatu imeneyo yokha phindu linakwana K5,000,000, ndalama imene ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Pa 25 Januwale ndinalipira K150,000 yanga ija ndikumwetulira, ngati ndikugula machesi.

Uku ndiye kunali kupweteka kwachiwiri, kumene sikunamveke. Mwa K5,000,000 ija, yoposa miliyoni imodzi sinali yanga. Koma inali m'manja mwanga, ndipo Januwale ndi mwezi wa njala ya ndalama. Ndinagula feteleza wa kumunda, ndinalipira fizi ya mwana wanga wamkazi amene ali kusekondale, ndinaikitsa simenti pansi m'nyumba, ndinagula njinga yamoto yoti mphwanga azindinyamulira katundu kuchokera kudooko. Yotsala ndinabwezera mumpamba, chifukwa mafuta a injini ndi thiransipoti zinali zitakwera, ndipo chigoba chomwe chija tsopano chinkafuna ndalama zambiri. Palibe chimene ndinamwera mowa kapena kutaya. Chilichonse chinali chofunika. Koma msonkho sufunsa kuti phindu unagwiritsa ntchito yanji.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu ambiri anasowa pokhala ndipo msewu wa M5 unaduka. Maulendo anga anachepa, usipa wina unaonongeka ndi chinyezi. Komabe chifukwa cha mitengo yatsopano ija chigawo chomalizachi chinabweretsa K1,600,000. Pa 25 Epulo ndinalipira K150,000 yomaliza, ndinafufuta choko chija pakhoma, ndikudziona ngati nzika yabwino imene sinaphonye tsiku ngakhale limodzi.

Mu Sepitembala, nthawi yopereka lipoti itayandikira, ndinanyamula makope anga kupita kwa alamu anga, amuna awo a achemwali anga, amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama pakampani ina asanapume. Anakhala pamkeka ndi makopewo kuyambira m'mawa mpaka nsima ya masana inazizira. Atamaliza anavula magalasi.

"Alamu, phindu lanu chaka chathachi ndi K8,600,000. Mukudziwa?"

Ndinaseka, ndinati ndalama imeneyo ikanakhala yanga bwenzi ndikuyenda pagalimoto.

"Kuti ili kuti ndi nkhani ina," anatero. "Koma inadutsa m'manja mwanu. Msonkho wake ndi pafupifupi K2,000,000. Inu mwalipira zingati?"

"K600,000. Sindinaphonyeko tsiku, alamu."

"Tsiku simunaphonye, koma mwaphonya muyezo. Pofika pa 25 Epulo mumayenera kukhala mutapereka K1,800,000."

Anandifotokozera momwe chilango chake chimakhalira. Ngati chimene chatsala osalipidwa sichipitirira K10 pa K100 iliyonse ya msonkho wa chaka, palibe chilango. Chikapitirira pamenepo koma osadutsa theka, amawonjezera K25 pa K100 iliyonse ya chotsalacho. Chikadutsa theka, amawonjezera K30. Ine ndinali nditalipira zosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu, kotero ndinagwera pamwamba penipeni. Pamwamba pa K1,400,000 yotsala panabwera chilango cha pafupifupi K420,000.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Sepitembala ndi mwezi umene mpamba umafunika wonse, chifukwa ndi pakhomo pa nyengo ya usipa. Ndikapereka ndalamayo, ndilowa m'nyengoyo manja ali m'khosi. Ndikapanda kupereka, kalata ija yosonyeza kuti ndilibe ngongole sindiipeza, ndipo msika wa sukulu upita kwa wina. Ndinaganizako za katapila, koma ndaona amayi anzanga atalandidwa mathandala ndi ziwiya chifukwa cha katapila. Mapeto ake ndinagulitsa njinga yamoto ija pamtengo wolira, ndinadula mpamba pakati, achemwali anga anandibwereka yotsalayo. Chaka chimenecho usipa wa Okutobala ndinkauonera m'mabeseni a anzanga. Sindinganamizire munthu. Lamulo anandiuza tsiku loyamba lomwe, ine ndi amene ndinamva theka lake.

Chimene chinandiwawa koposa ndi chimene alamu anandionetsa pambuyo pake. Anati chaka chimatha pa 31 Malichi, koma ulendo womaliza wolipira ndi pa 25 Epulo. Ndiye kuti pali masiku 25 amene munthu sakuyerekezanso, ali ndi manambala enieni a chaka chonse m'manja. Ndikanakhala pansi ndi makope anga sabata yoyamba ya Epulo, ndikanaona dzenjelo likadali ndi mpata wolikwirira, ngakhale pogulitsa njinga yomweyo, ndipo chilango chija sichikanakhalapo. Ine masiku amenewo ndinawadutsa ndikungoyang'ana choko cha pakhoma.

Ndinawafunsa kuti nanga munthu wa ndalama yokwera ndi kutsika ngati ine achite bwanji, popeza mu Epulo palibe amene angadziwe kuti mwera ukhala wotalika bwanji kapena kuti kwacha igwa liti. Yankho lawo ndi limene ndikufuna kugawana ndi owerenga.

Anati cholakwa changa chinali kuyerekeza kamodzi n'kugona. Msonkho wa chaka chatha ndi poyambira chabe. Chigawo chilichonse chikatha, munthu ayenera kuwerenga phindu lenileni limene wapeza, n'kulipira molingana ndi phindulo: pochepa pang'ono, pochuluka zambiri. Chimene chidzayezedwe kumapeto ndi zonse pamodzi, ngati zafika pa K90 pa K100 paja.

Anatenga manambala anga omwewo n'kundionetsa. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse ya phindu ndinkapatula K25. Chigawo choyamba, pa K400,000, ndikanalipira K100,000, osati K150,000 ya ngongole ija. Chigawo chachiwiri, pa K1,600,000, ndikanalipira K400,000. Chigawo chachitatu, pa K5,000,000, ndikanalipira K1,250,000. Chomaliza, K400,000. Zonse pamodzi K2,150,000, kupitirira pang'ono msonkho weniweni. Ndipo popeza mu Epulo manambala onse amakhala atadziwika, ulendo womalizawo ndikanauchepetsa kufika pa K250,000 kuti zingokwanirana. Palibe chilango, palibe ngongole ya mu Julayi, palibe kugulitsa katundu mu Sepitembala.

Nditaona K1,250,000 ya mu Januwale ndinati, "Alamu, imeneyo ndikanaitenga kuti, feteleza ali apo, fizi ili apo?"

"Mukanaitenga mu Novembala ndi mu Disembala, pamene inalipo," anayankha. "Mukadikira Januwale simungaipeze. Msonkho wa usipa umachotsedwa tsiku limene mwagulitsa usipawo."

Mawu amenewo ndi amene anasintha kachitidwe kanga. Tsopano ndikabwera ku ulendo, ndisanagule ngakhale sopo, ndimakhala pansi n'kuchotsa zimene ndinagulira nsomba, nkhuni zofutsira, mchere, matumba, aganyu oyanika ndi onyamula, thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika. Chotsalacho ndiye phindu la ulendowo, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndimakaliika kuakaunti ina kubanki, imene khadi lake ndinasungitsa kwa achemwali anga. Sindiika pafoni, chifukwa ndalama ya pafoni imamva kulira kwa mwana ndiponso uthenga wa maliro. Ulendo umene ndaluza sindipatula kanthu, ndipo ndimalemba kuluzako, chifukwa kumachepetsa phindu la chaka.

K25 imeneyi si lamulo, ndi muyezo wanga wogwirizana ndi kukula kwa geni yanga. Gawo loyambirira la ndalama imene munthu wapeza pachaka silidulidwa msonkho, ndipo mlingo wake umasintha boma likalengeza bajeti. Amene phindu lake ndi locheperapo angapeze kuti K25 yamuchulukira, pamene wa phindu lalikulu ingamuchepere ndipo angafunike K30. Njira yodziwira ndi kutenga msonkho wa chaka chatha n'kuuyerekeza ndi phindu la chaka chomwecho, kenako kukweza pang'ono ngati chaka chino chikuoneka chonona. Kupereka mopitirira kwambiri nakonso si nzeru kwa munthu wa geni. Ndalama yopitirirayo sitayika, imawerengedwa kuti ndi yako, koma pamene ikudikira kumeneko siikugula chigoba ngakhale chimodzi.

Pali zinthu zitatu zimene zinandisokoneza powerenga phindu, ndipo ndikuona kuti zimasokoneza ambiri kuno kunyanja.

Choyamba ndi ndalama imene timapereka kwa asodzi. Kuti msodzi akusungire nsomba, umamupatsiratu ya mafuta a injini kapena ya mabatire a nyali. Ine ndinkailemba ngati yatuluka basi. Alamu anandiuza kuti imeneyo ikadali yanga mpaka tsiku limene nsomba yake yafika m'manja mwanga. Ndikailemba tsiku lopereka, n'kudzalembanso mtengo wonse wa nsomba tsiku lolandira, ndiye kuti ndachotsa kawiri, ndipo phindu lioneka laling'ono kuposa momwe lilili. Tsopano ndili ndi tsamba lapadera la ngongole za asodzi.

Chachiwiri ndi matumba amene ali m'chipinda. Ukagula usipa wa miliyoni imodzi n'kuusunga, m'thumba mumakhala mopanda kanthu ndipo umadziona ngati waluza. Koma sunaluze, ndalamayo yangosintha maonekedwe. Pa 31 Malichi katundu amene sanagulitsidwe amawerengedwa pamtengo umene unamugulira, ndipo sachotsedwa paphindu la chaka chimenecho. Chimodzimodzinso katundu amene wapereka pangongole: sukulu ikalandira matumba mu Malichi n'kudzalipira mu Meyi, malondawo ndi a chaka chimene chatha mu Malichi. Ichi n'chifukwa chake thumba ndi kope zimatha kunena zosiyana, ndipo msonkho umamvera kope.

Chachitatu ndi za pakhomo. Ufa, fizi, simenti ndi chithandizo cha kumaliro si zowonongera geni, ngakhale zituluke m'chikwama chomwecho. Ine ndinkati phindu ndi chimene chatsala banja litadya. Ayi ndithu, chimene banja ladya ndi phindu lomwelo.

Palinso ndalama ina imene ndinangoitaya chifukwa cha umbuli. Sukulu ija ikamandilipira inkadula K3 pa K100 iliyonse n'kutumiza ku MRA m'dzina langa, monga lamulo limanenera kwa mabungwe ogula katundu. Ine ndinkaona ngati ndi kubedwa kwa mwaulemu, ndipo sindinkasamala za kapepala kosonyeza kudulako. Chonsecho imeneyo ndi msonkho wanga womwe umene walipidwa kale, ndipo umachotsedwa pa zimene ndiyenera kupereka. Pa katundu wa K2,000,000 ndi K60,000, yokwana thiransipoti ya ulendo wathunthu. Tsopano sindichoka pa ofesi ya wogula aliyense wodula msonkho popanda umboni wake, ndipo ndimaonetsetsa kuti nambala yanga ya msonkho yalembedwa molondola.

Wina afunsa kuti kudooko kulibe malisiti, nanga umboni wa zogula ukhala chiyani? Zoona, msodzi wotuluka m'madzi mbandakucha sangakulembere lisiti. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba limene ndimalikulunga m'pulasitiki. Ndimalemba tsiku, dooko, kuchuluka kwa zigoba, mtengo wa chigoba ndi dzina la mwini boti, iye n'kusaina kapena kudinda chala. Poyamba ankandiseka kuti mayi awa asanduka kalaliki. Lero ena mwa iwo amabwera kudzafunsa m'kope mwanga momwemo akasemphana ndi anyamata awo pa kagawidwe ka ndalama. Ndikalipira kudzera pafoni, uthenga wake sindifufuta.

Zolipira zenizenizo masiku ano zimadutsa pa Msonkho Online. Mwana wanga wamkazi ndi amene amandithandiza kulemba manambala n'kutulutsa nambala yolipirira, ine n'kupita nayo kubanki. Taphunzira kusadikira tsiku la 25 lenilenilo, chifukwa kuno magetsi ndi netiweki sizilonjeza, ndipo mu Januwale msewu umatha kuduka usiku umodzi. Ife tsiku lathu ndi 15. Chigawo chimene sindinapeze phindu sindikhala chete ayi, ndimalembabe zoona zake, kuti pasaoneke ngati ndathawa.

Sindikunena kuti njira imeneyi yachotsa kuwawa konse. Phindu la mu Novembala 2023 lija mbali ina linali la pakope chabe: makwacha anachuluka, koma zigoba zimene makwachawo akanagula sizinachuluke chimodzimodzi. Msonkho unawerengedwa pa makwachawo. Zimenezo zimandiwawabe ndikaziganiza, ndipo ndikanakonda kuti amene amakonza malamulo azikumbukira anthu amene chaka chawo chimayendera mphepo: ife a usipa, alimi a mpunga a ku Bua, ngakhale ogulitsa m'magolosale a ku Dwangwa amene malonda awo amadikira nyengo yodula nzimbe. Koma kudandaula kwanga sikusuntha tsiku la 25 Januwale. Chimene ndingathe kusuntha ndi dzanja langa, tsiku limene ndalama yalowa.

Chaka chotsatiracho chinali chovuta, mpamba unali wochepa ndipo mafuta ankasowa, maboti ena n'kumagona pamtunda ngakhale nyanja ili bata. Phindu linatsika, zolipira zanga nazonso zinatsika. Mu Julayi ndinapereka kochepa kwambiri, mu Januwale ndinapereka kokulirapo kuchokera kuakaunti ija, ndipo sabata yoyamba ya Epulo ndinakhala pamkeka ndi alamu kuwerenga chaka chonse tisanalipire komaliza. Mu Sepitembala chotsala chinali chaching'ono moti ndinachilipira ndi phindu la ulendo umodzi wa ku Kasungu. Kalata yanga ndinaipeza, msika wa sukulu ndikadali nawo, ndipo ngongole ya achemwali anga ndinamaliza kubweza.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa tsiku lolipira, koma sindinafunse muyezo wake. Mnzanga amene uli pageni ya nyengo, usatengere kuti poti walipira kanayi ndiye kuti wamaliza. Tsegula kope lako chigawo chilichonse chikatha, makamaka chigawo chimene zinthu zakuyendera bwino, chifukwa ngongole yanga ine sinabadwe nthawi ya mwera ayi. Inabadwa mu Disembala, matumba ali mbwee, ine ndikuseka.

Njinga ija ndimaionabe ikudutsa pamsewu wa kudooko, itanyamula mabeseni a munthu wina. Pakhoma paja ndinalembanso masiku anayi aja ndi choko, koma tsopano pansi pa tsiku lililonse ndinasiya mpata wopanda nambala. Nambalayo ndimailemba nyanja ikayankhula.

Mayi wa geni ya usipa,
Nkhotakota